Wabinya kapena fupa lathyoka?

"Abale thandizeni. Mchimwene wanga anaponda molakwika dzulo akusewera mpira ku Senga Bay, phazi linapindikira mkati. Kakolo watupa kwambiri ndipo wayamba kuda. Tipite naye kukajambulitsa ku boma kapena tingomuthowa?"

Pepani nawo achemwali. Choyamba, kutupako kusakuopseni komanso kusakunamizeni. Ndaonapo phazi lotupa ngati mtondo koma fupa lili bwinobwino, ndipo lina lotupa pang'ono chabe koma fupa litathetheka. Kudako ndi magazi amene atayikira pansi pa khungu minyewa yogwira mafupa ikang'ambika, ndipo amatsika mpaka kuzala pakapita masiku. Ngakhale kumva "thwa!" pa nthawi yovulala sikutiuza kanthu, minyewa nayo imalira.

Achipatala amatsatira njira imene madokotala a ku Ottawa, ku Canada, anakonza mu 1992, ndipo mungayiyese pakhomo ndi chala chanu.

Mufunseni kaye: atangovulala, anatha kuyenda masitepe anayi? Nanga pano angathe? Kutsimphina kulibe kanthu, bola phazi lovulalalo likusenza thupi, osati kudumpha ndi mwendo umodzi kapena kukolekera pa mapewa a anzake. Ngati analephera dzulo ndipo akulepherabe lero, ameneyo ndi wa ekisileyi.

Kenako akhale pansi, inu mudine malo anayi. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza, ndiye ndifotokoze bwino. Pa kakolo pali mafupa awiri otundumuka, lakunja ndi lamkati. Dinani pansonga penipeni pa lililonse, kenako yendetsani chala m'mphepete mwa kumbuyo kwa fupalo kukwera m'mwamba masentimita 6, ngati kutambalala kwa zala zitatu kapena zinayi. Kumbuyo, osati kutsogolo. Chifukwa chake n'chakuti minyewa imene imang'ambika phazi likapindikira mkati ili kutsogolo ndi kunsi pang'ono kwa fupa lakunjalo, pamalo pofewa. Mukadina pamenepo aliyense wobinya amakuwa, ndipo sizitanthauza kuthyoka. Koma akakuwa mutadina fupa lenilenilo chakumbuyo, nkhani yasintha. Malo achitatu ndi kafupa kotundumuka m'mbali mwa phazi chakunja, pakati pa chidendene ndi kachala kakang'ono. Kameneka kamakonda kubenthuka pa kuvulala kwa mtundu umenewu, ndipo anthu amakaiwala chifukwa maso onse ali pa kakolo. Achinayi ndi kafupa kena kotundumuka mkati mwa phazi, kutsogolo pang'ono kwa fupa lamkati la pa kakolo lija. Mukasokonezeka, pezani kaye malowa pa phazi labwinolo.

Mphwanga anavulala chimodzimodzi potsika kabaza. Anayenda yekha kulowa m'nyumba, mafupa onse awiri a pa kakolo osapweteka podina, tonse tinati wangobinya. Nditadina kafupa ka m'mbali kaja anatsala pang'ono kundimenya. Kujambula kunaonetsa kuti kathyoka. Ndiye kuyenda kokha si umboni. Malo amodzi okha mwa anayiwa akapweteka, pitani ku chipatala cha boma cha Salima mukaonane ndi a mafupa. Zonse zikakhala bwino, mwayi woti pali fupa lothyoka ndi wochepa kwambiri, ndipo ekisileyi singakuuzeni chatsopano, poti minyewa sioneka pa chithunzicho.

Pali zina zosafuna n'kudina komwe: phazi lakhota, pali bala lakuya kapena fupa likuonekera, zala zazizira, zachita dzanzi kapena zasintha mtundu. Pamenepo musakoke, mangani ndi kathabwa kapena katoni yolimba, nyamukani nthawi yomweyo. Finyaninso mwendo chakunja pafupi ndi bondo, chifukwa nthawi zina fupa limathyokera kumtunda uko. Ndipo njira yodinayi musaidalire kwa munthu woledzera, wodwala shuga amene mapazi samva bwino, kapena mwana wamng'ono. Amenewa akaonedwe basi.

Za kuthowa ndi madzi otentha, masiku awiri kapena atatu oyamba ayi. Kutentha kumawonjezera kutupa. Kutema mphini pa khungu lotupa ndiye kuitana bala lina. Ikani ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Kunyanjako ayisi wa ansomba savuta kupeza. Amange bandeji yotamuka osathinitsa, agone phazi litakwera pa mapilo, amwe panado. Ululu ukayamba kuchepa aziponda pang'onopang'ono ndi kuzunguliza phazilo, chifukwa kugonetsa mwendo sabata zambiri kumaumitsa kakolo. Kubinya kwapang'ono kumapola m'sabata imodzi kapena ziwiri, kwakukulu kumatha kufika sabata zisanu ndi imodzi kapena kupitirira. Akafika masiku asanu mpaka asanu ndi awiri osasintha, kapena akulepherabe kuponda, apite akajambulidwe ngakhale poyamba zonse zinaoneka bwino. Za mpira aiwale kaye mpaka atatha kuima ndi kudumpha ndi mwendo umenewo wokha popanda ululu.