Katundu mmodzi, mitengo iwiri pa koteshoni

"Achimwene, ndimagwira ntchito pa kampani yogulitsa matailosi ku City Deep, kuno ku Joni. Bambo ena a ku Limbe ndawatumizira koteshoni ya mitengo iwiri: EXW R80,000 ndi DAP Blantyre R98,000. Akuti tikufuna kuwadyera R18,000. Ndiwafotokozere bwanji?"

Achemwali, musayambe ndi zilembozo. Afunseni bambowo kuti katundu wawo akufuna kumulandirira kuti, ku Joni kuno kapena ku Blantyre? Nkhani yonse yagona pamenepo.

Pa EXW, ntchito yanu imatha mukangoika mapaleti poti atengedwe mu weyahausi yanu. Ngakhale kukweza mu thiraki si udindo wanu. Galimoto apeze okha, mapepala otulutsira katundu pa Beitbridge akonze okha, ndipo matailosi akasweka pa msewu wa ku Tete, aluza ndi iwowo. Pa DAP, zonsezi mwasenza inu mpaka thiraki itaima pamalo amene mwagwirizana.

Tsono R18,000 ija muiphwanye aione ndi maso. Tinene kuti thiransipoti ndi R14,000, kukweza R1,000, ejenti wa mapepala R1,500, inshuwalansi R1,500. Ikani manambala anu enieni, kenako muwauze kuti akafunse mtengo kwa a mathiraki amene amawadziwa. Akapeza wotsikirapo, atenge EXW ndi mtima woyera. Ine ndimakonda njira imeneyi chifukwa munthu akawerengera yekha sakukayikiraninso.

Pali msonkho wa VAT umene ambiri amauiwala. Wogula akadzatenga yekha katundu kuno, nthawi zambiri kampani imamulipiritsa 15 peresenti, ndiye pa R80,000 akuwonjezera R12,000, kukwana R92,000. Ndalamayo angathe kudzaiitanitsa katundu atatuluka, koma pamafunika mapepala okwanira komanso kudikira. Kampani ikatumiza yokha kunja, msonkhowu umakhala ziro, bola isunge umboni woti katundu anatulukadi. Mufunse a akaunti anu musanalembe.

Koma pamene ndikukupemphani musamale kwambiri ndi apa. Bambowo akamva zoti "tikubweretserani", m'mutu mwawo muli zoti katundu afika pakhomo zonse zitalipiridwa. Ayi. Pa DAP, msonkho wa MRA ndi kuombola katundu pa chipata cha Mwanza ndi zawo, kutsitsanso ndi kwawo. Ndinaonapo thiraki itakhala masiku pa bodala, dalaivala akuimba foni m'mawa ndi madzulo, wogula akukana kulipira poti ankayesa zonse zinalowa mu mtengo. Mtengo wophatikiza msonkho wolowetsera katundu ndi DDP, ndipo ndi nkhani ina.

Choncho pa koteshoni musangolemba Blantyre. Lembani adilesi yeniyeni ya shopu yawo ku Limbe, muwonjezere mawu akuti Incoterms 2020, lomwe ndi dzina la malamulo a malonda otanthauzira EXW, DAP ndi DDP, ndipo m'munsi muike mzere umodzi m'Chichewa chomveka: msonkho wa ku Malawi ndi kutsitsa katundu sizili mu mtengowu.