Buku likuti mazira anayi, koma anu ndi a nkhuku zachikuda

"Ndimaphika makeke ogulitsa kuno pa Dedza boma. Buku langa limati mazira anayi pa keke imodzi. Ndikagwiritsa ntchito mazira a nkhuku zanga zachikuda, omwe ndi aang'ono, keke imatuluka youma ndipo imayoyoka poidula. Ndiziika angati?"

Muziika asanu ndi limodzi, mayi. Koma mvetsetsani kumene nambalayi yachokera, chifukwa mazira a thadzi loyamba kumene kuikira amasiyana ndi a thadzi lakale.

Mabuku ambiri ophikira akati dzira amanena dzira lalikulu, longa la nkhuku zachizungu zoikira. Dzira lotere mukaliswa ndi kutaya chigoba, zam'kati zimalemera pafupifupi magalamu 50. Choncho buku lanu likamati anayi, kwenikweni likupempha magalamu 200. Dzira la nkhuku yachikuda nthawi zambiri limalemera cha m'ma 40 ndi chigoba chomwe, ndipo zam'kati zimatsala pafupifupi 35. Anayi oterewa akukupatsani 140 basi. Keke yanu ikuperewera magalamu 60, kutanthauza dzira lalikulu lathunthu ndi kachidutswa. Asanu amafika 175, akadali operewera ndi theka la dzira. Asanu ndi limodzi amafika 210, ndipo apa mpomwe mwafika.

M'keke dzira limagwira ntchito zingapo. Limabweretsa madzi, chifukwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi. Likapsa limalimba ndi kugwira fulawa, shuga ndi majarini pamodzi, komanso limasunga mpweya umene munalowetsa potakasa. Likachepa mudzaona musanaike n'komwe mu uvuni: phala la kekelo limalimba, silitsika lokha pa sipuni mpaka mutaligwedeza. Ikapsa imakhala yafupi, yong'aluka pamwamba, ndipo mpeni ukadutsa imagumuka.

Musaganize kuti kuchulukitsa ndiye mankhwala. Mazira akapyola muyezo keke imakhala ngati labala, imanunkha dzira, ndipo nthawi zina pansi pake pamakhala mzere wonyowa, wothinana, wooneka ngati sunapse.

Njira yodalirika ndi kuleka kuwerenga mazira n'kuyamba kuwayeza. Swani limodzilimodzi m'kapu kaye, popeza a nkhuku zoyenda pakhomo ena amakhala atafungatiridwa kale, ndipo limodzi lovunda lingawononge onse. Abwinowo athireni m'mbale, muwamenye ndi foloko mpaka choyera ndi chachikasu zisakanikirane, kenaka muyeze pa sikelo mutachotsera kulemera kwa mbale. Ngati mulibe sikelo, botolo lomwetsera mwana lokhala ndi mizere limathandiza, chifukwa magalamu 200 a dzira lomenya amafika pafupi ndi mzere wa mamililita 200. Pa sipuni yaikulu yoyezera, ya mamililita 15, dzira lalikulu limodzi ndi sipuni zitatu ndi pang'ono, ndipo anayi ndi sipuni 13. Sipuni yodyera phala isakupusitseni, kukula kwake kumasiyana nyumba ndi nyumba.

Nanga magalamu 10 opitirira aja? Kwina tikanati chotsani masipuni aang'ono awiri. Kwanuko asiyeni. Dedza ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotere keke imatupa msanga isanalimbe, madzi akenso amauma mofulumira. Ndiye chifukwa chake ena amadandaula kuti keke imakwera bwino kenaka n'kuphwa pakati. Dzira lowonjezera pang'ono limaithandiza kuima. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, viikani mazirawo m'madzi ofunda kwa mphindi khumi musanawaswe, ndipo muwathire pang'onopang'ono m'majarini ndi shuga uku mukutakasa. Mukathira ozizira onse pakamodzi majarini amagwirana n'kupanga timibulu ngati chambiko.

Buku likati mazira awiri, ikani atatu, omwe ndi magalamu 105 m'malo mwa 100. Likati atatu, ikani anayi ndi sipuni imodzi ya mkaka. Likati limodzi, monga m'masikono kapena m'mandasi, musadzivutitse: dzira lanu limodzi ndi sipuni yaikulu ya mkaka zikwanira, popeza mmenemo chimene chimagwira chakudyacho ndi fulawa. Koma mkaka umangobweza madzi, sulimba ukapsa monga limachitira dzira, choncho pa keke ya mazira anayi musayese kutseka mpata wa magalamu 60 ndi mkaka wokha. Idzafewa ndithu, koma idzagumukabe poidula, mwinanso kuphwa pakati ikamazizira.