Kalata yochenjeza wantchito wochedwachedwa

"Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Luwinga. Mnyamata wa pakauntala amayenera kufika 7:30 koma kawirikawiri amafika itadutsa 8 koloko. Ndamuuza pakamwa kawiri. Ndikufuna kumulembera kalata komanso kumamudula K5,000 tsiku lililonse akachedwa. Ndilembe bwanji?"

Bambo, za K5,000 zija zisiyeni. Gawo 56 la lamulo la zantchito la 2000 limakupatsani mphamvu yolanga wantchito pomuchenjeza ndi kalata, kumuimitsa kaye kapena kumutsitsa udindo, koma limaletsa kumulipiritsa chindapusa. Chomwe limalola n'kusamulipira nthawi imene sanali pantchito popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka. Ngati malipiro ake akufika pa K800 pa ola, kuchedwa theka la ola ndi K400 basi. Mukadula K5,000, iye akakasuma ku ofesi ya leba, wolakwa mudzakhala inu.

Musanalembe, muitaneni mukhale naye pansi, pali munthu wina ngati mboni, mumve mbali yake. Lamulo poona ngati chilango chili choyenera limayang'ana kukula kwa cholakwa, ntchito ya munthuyo, njira yomwe bwana anatsata, mbiri yake pantchito ndi mmene zinthu zilili pa moyo wake. Amene anachedwa sabata imodzi chifukwa chodwazika mwana kuchipatala sangafanane ndi amene amangodzuka mochedwa. Akakuuzani kuti amakhala ku Mchengautuwa ndipo mvula ikagwa makabaza amasowa, lembani zimenezo, kenaka muone m'buku losainira ngati masiku ochedwawo analidi amvula. Ngati buku lotere mulibe, gulani lero, chifukwa popanda ilo mudzangokhala mawu anu ndi mawu ake.

Makalata ambiri amene amandifika amagwa pa chinthu chimodzi: amangoti "mumachedwa nthawi zonse". Mawu otere munthu sangawayankhe, ndipo khoti silingawayeze. Kalata itchule masiku ndi nthawi, motere:

"Malinga ndi mgwirizano wathu, ntchito imayamba 7:30 m'mawa. Buku losainira likuonetsa kuti pa 3 Epulo munafika 8:15, pa 9 Epulo 8:40, ndipo pa 16 Epulo 8:20, osapempha chilolezo. Tinakuchenjezani pakamwa pa 4 ndi pa 10 Epulo. Pa 18 Epulo tinakumana ndipo munati vuto ndi mayendedwe nthawi yamvula. Taona kuti chifukwachi sichikukwanira, poti pa masiku awiri mwa atatuwo kunalibe mvula. Ili ndi chenjezo loyamba lolembedwa, ndipo likhala ndi mphamvu kwa miyezi 6. Kuyambira mawa muzifika 7:30, ndipo pakagwa vuto muziimba foni nthawiyo isanakwane. Mukapitiriza kuchedwa, mudzaitanidwa kuti mudzayankhe mlandu, ndipo chilango chake chikhoza kufika pochotsedwa ntchito. Ngati simukugwirizana ndi kalatayi, tiyankheni polemba pasanathe masiku 5."

Miyezi 6 ndi masiku 5 sizichokera m'lamulo. Ngati muli ndi malamulo olembedwa a pashopu panu, tsatirani zomwe akunena. Chimodzimodzi nkhani imene anthu amakonda kunena yakuti munthu sachotsedwa asanalandire makalata atatu: lamulo silitchula chiwerengero, koma ngati malamulo anu amati atatu, mwadzimanga nokha ndipo muyenera kuwakwaniritsa.

Lembani m'chilankhulo chimene iye amamva bwino, kaya Chichewa kaya Chitumbuka. Konzani makope awiri, asaine onse, imodzi atenge ina muisunge. Mumuuze kuti kusaina kukutanthauza kuti walandira kalata, osati wavomera mlandu. Akakana, musakangane naye. Muwerengereni pamaso pa mboni, mboniyo ilembe tsiku ndi mawu akuti wakana kusaina.

Onani kuti kalatayo ikuti "chikhoza kufika pochotsedwa", osati "mudzachotsedwa". Chenjezo si chilolezo chomuthamangitsa tsiku lomwe wachedwanso. Gawo 57 limafuna chifukwa chenicheni komanso kuti munthu apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe, choncho mudzayenera kumulembera mlandu watsopanowo, kumupatsa nthawi yokonzeka, ndi kumumva kachiwiri. Mukadumpha zimenezi, ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa leba, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita kukhoti la zantchito, lomwe lilinso mu Mzuzu momwemuno. Kumeneko udindo woonetsa chifukwa chomuchotsera udzakhala wanu, osati wake, ndipo mukalephera, khoti likhoza kulamula kuti mumubwezere pantchito kapena mumupatse chipukutamisozi.

Chinanso choti mufufuze m'buku lija musanapereke kalatayi n'chakuti kodi ndi iye yekha amene amachedwa. Ngati wa kusitolo nayenso amafika 8 koloko koma simunamunenepo kanthu, mnyamatayu adzati mukumusala, ndipo adzamveka. Aliyense wochedwa mofanana alandire kalata yofanana.