Mafumu ndi masilaidi a ngalande

"Injiniya wandipatsa masilaidi a ngalande yatsopano ku Ndirande kuti ndikafotokozere mafumu Loweruka. Ndi manambala okhaokha. Nditani?"

Achimwene, tengani silaidi ya kutsetsereka, yolembedwa 1:100. Fufutani nambalayo, mulembe kuti ngalande izitsika sentimita 1 pa mita iliyonse kuti madzi asaime. Mukafika, yalani chingwe cha mamita 10 pansi, mukweze mbali imodzi masentimita 10. Aona okha.

Koma samalani ndi mawu akuti "chigumula cha zaka 10". Ambiri amamva ngati chimabwera kamodzi, kenako mpumulo zaka 9. Ayi, akutanthauza chigumula chomwe chili ndi mwayi umodzi mwa 10 wobwera chaka chilichonse. Chikhoza kubwera zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mvula yonga ya namondwe Freddy mu 2023 ingasefukirebe. Zimenezi nenani poyera, apo ayi adzati munawanamiza.

Mukalemba, injiniyayo awerengenso. Mapu oonetsa mipanda yomwe igumulidwe musachotse, mafumu ayambira pamenepo kufunsa.