Nkhope ikamatuluka yopendama, yambani mwaona madontho

"Anzanga ndithandizeni. Ndimagwira ntchito pa situdiyo ya zithunzi kuno ku Salima. Kasitomala wabwera ndi chithunzi cha ukwati koma mkwati anatsinzina, ndiye akufuna ndiikepo nkhope yake yochokera pa chithunzi china chomwe anajambulitsa ku Senga Bay. Ndayesa ndi Python koma nkhope ikumatuluka yopendama, maso sakukhala pamalo pake. Kodi kompyuta imadziwa bwanji pamene pali maso ndi mphuno, nanga ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, vuto lanu lili poyambirira penipeni, nkhope isanasunthidwe nkomwe. Ambiri akaona chithunzi chaipa amathamangira kukonza mtundu wa khungu kapena kusalaza m'mbali, koma maso akaphonya malo palibe kusalaza komwe kungabise zimenezo. Ndiye tiyeni tiyambe ndi momwe makinawa amapezera nkhope.

Pali ntchito ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza ngati imodzi. Yoyamba ndi kupeza kuti nkhope ili pati, apa pulogalamu imangojambula bokosi kuzungulira mutu basi, siidziwa kuti diso lili pati. Yachiwiri ndi kuika timadontho mkati mwa bokosi lija, pangodya za maso, pansonga ya mphuno, m'mbali mwa milomo ndi mozungulira chibwano. Poti mwati Python ndikuganiza kuti mukugwiritsa ntchito dlib, laibulale yopezera nkhope, ndi fayilo ija ya `shape_predictor_68_face_landmarks.dat`, imeneyo imapereka madontho 68 ndipo dontho lililonse lili ndi nambala yake yosasintha. Kuwerenga kumayambira pa 0. Kuyambira 0 mpaka 16 ndi mzere wa nsagwada kudutsa pachibwano, 17 mpaka 26 nsidze, 27 mpaka 35 mphuno, 36 mpaka 41 diso lomwe lili kumanzere kwa chithunzi, 42 mpaka 47 diso linalo, 48 mpaka 67 pakamwa. Ubwino wake ndi umenewo, dontho 30 ndi nsonga ya mphuno kaya ndi nkhope ya mkwati wanuyo kaya ya agogo a ku Linga, ndiye mukakhala ndi nkhope ziwiri mumadziwiratu kuti dontho ili mnzake ndi uyu.

Chofunika kuchimvetsa nchakuti pulogalamuyi siiona diso ngati momwe timaonera ife. Njira yomwe dlib imagwiritsa ntchito inalembedwa ndi Kazemi ndi Sullivan mu 2014, ndipo imayamba ndi kuika nkhope "yapakatikati" m'bokosi muja, yomwe inapezeka pa zithunzi zambiri zomwe anthu anaikapo madontho pamanja. Kenako imayerekeza kuwala kwa mapikiselo awiriawiri, apa pada apa pawala, nkumasuntha madontho pang'onopang'ono maulendo angapo mpaka atakhazikika. Ndiye taonani zotsatira zake, nthawi zonse imakupatsani madontho onse 68 ngakhale diso litabisika ndi magalasi akuda, ngakhale chibwano chitakutidwa ndi mpango kapena ndevu. Siikuuzani kuti apa ndangopenekera. Ndipo bokosi loyamba lija likaphonya, madontho onse amayambira polakwika.

Tsopano kulunganitsa. Zili ngati telala akamaika pateni pansalu, amaitembenuza ndi kuisuntha mpaka zizindikiro za choko zikumane, akatero ndiye amadula. Kusiyana kwake nkwakuti kompyuta imathanso kukulitsa kapena kuchepetsa pateniyo. Ndiye zochita zilipo zitatu, kutembenuza, kukulitsa kapena kuchepetsa, ndi kusuntha.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala ongoyerekeza kuti muone. Malo a dontho amalembedwa ndi manambala awiri, yoyamba kupita kumanja, yachiwiri kutsika pansi, kuyambira pangodya yapamwamba kumanzere. Pakati pa diso mumapapeza potenga madontho 6 a disolo nkupeza pakatikati pake. Tinene kuti pa chithunzi cha ku Senga Bay maso ali pa (200, 300) ndi (320, 350). Kusiyana chopingasa ndi 120, chotsika ndi 50, ndiye kuti mutu unapendekeka, diso lina lili mmunsi. Mtunda wa pakati pa maso mumaupeza ndi masamu a Pythagoras aja a ku sekondale, 120 kuchulukitsa ndi 120 ndi 14400, 50 ndi 50 ndi 2500, kuphatikiza 16900, ndipo nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 16900 ndi 130. Kupendekeka kwake ndi madigiri pafupifupi 22.6. Pa chithunzi cha ukwati tinene maso ali pa (400, 500) ndi (660, 500), mutu uli chilili, mtunda 260. Ndiye yankho lapezeka, nkhope ya kunyanja itembenuzidwe madigiri 22.6 mobwerera kuti maso akhale pamzere umodzi, ikulitsidwe kawiri chifukwa 260 kugawa ndi 130 ndi 2, kenako pakati pa maso ake pomwe ndi (260, 325) pakakhale pa (530, 500). Basi, masamu onse ndi amenewo.

Koma musasiye pamenepa, maso awiri okha ndi osadalirika. Dontho limodzi likaphonya ndi mapikiselo 5 pa nkhope yomwe maso atalikirana 130, nkhope imapendama madigiri awiri ndi pang'ono, zomwe munthu woidziwa nkhopeyo amaziona ndithu. Ndiye ganizani chithunzi chija mkwati anaima patali, nkhope kakang'ono, maso atalikirana mapikiselo 30 okha, komanso chadutsa pa WhatsApp kangapo. Mapikiselo 5 omwewo akupendamitsa nkhope madigiri oposa 9, ndipo kuti ikwane pa 260 muikulitsa kupitirira kasanu ndi katatu, itulukapo yachifunga pakati pa suti ndi maluwa zomwe zikuoneka bwinobwino. Ndikukayikira kuti vuto lanu lagona pamenepa, komanso dzuwa la kunyanja lija limachititsa munthu kufinya maso ndipo nsidze zimaponya mthunzi, madontho a maso amasokonekera. Mumuuze kasitomala akutumizireni chithunzi chenicheni cha mu foni yomwe inajambula, achitumize ngati fayilo osati ngati chithunzi wamba, kapena mukopere ndi kebulo.

Nchifukwa chake timagwiritsa ntchito madontho ambiri nthawi imodzi. Sangakumane onse ndendende, ndiye kompyuta imafunafuna katembenuzidwe, kakulidwe ndi kasunthidwe komwe kangachepetse kuphonya konse pamodzi, dontho limodzi likalakwa anzake amalibweza. Mu OpenCV, laibulale ya zithunzi yomwe mu Python imatchedwa `cv2`, ndi mizere iwiri yokha:

```python
M, _ = cv2.estimateAffinePartial2D(a, b, method=cv2.LMEDS)
yolunga = cv2.warpAffine(chithunzi_a, M, (w, h))
```

`a` ndi madontho a nkhope yomwe mukuisuntha, `b` ndi a pomwe ikupita, `chithunzi_a` ndi chithunzi cha ku Senga Bay, `M` ndi manambala a katembenuzidwe, kakulidwe ndi kasunthidwe omwe kompyuta yapeza, ndipo `w` ndi `h` ndi mulifupi ndi mulitali mwa chithunzi cha ukwaticho. Mukasinthanitsa `a` ndi `b` zonse zimayenda chobwerera, nkhope imapendekeka kwambiri mmalo mowongoka ndipo imachepa mmalo mokula, ndiye chekani zimenezo kaye. Onetsani `M` pa sikirini, ndi manambala athu aja mzere woyamba uyambe ndi 1.85 ndi 0.77. Mukaona 0.46 dziwani kuti mwazondotsa.

Ine ndinganene kuti musaike madontho onse 68 mmenemo. Siyani a nsagwada, 0 mpaka 16, chifukwa ndi omwe amanama kwambiri, mutu ukatembenuka pang'ono amangotsata m'mphepete mwa tsaya osati fupa lenileni. Pakamwa samalani naponso, pa ukwati munthu amakhala akumwetulira mano onse panja pomwe kunyanja mwina anatseka pakamwa, ndiye madontho a milomo amakoka nkhope yonse kuti ifanane ndi kumwetulirako. Tengani ngodya za maso, 36, 39, 42 ndi 45, kuphatikizapo mphuno 27 mpaka 35. Ngodya za maso nzofunika kwambiri kwa inu poti mkwati anatsinzina, chikope chikatsika madontho apamwamba pa diso amatsika nacho ndipo pakati pa diso pamasunthira mmunsi, koma ngodya zimakhala pomwepo.

Palinso `estimateAffine2D` yopanda `Partial`, imeneyo imaloledwa kukoka nkhope mbali imodzi kuposa inzake. Madontho amakumana bwino inde, koma munthu amatuluka wotambalala kapena wotalika nkhope, mkazi wake akangoona anena kuti si ameneyu. Isiyeni.

Ndiye pali china chomwe masamuwa sangachithe. Kupendeketsa mutu chapaphewa kumakonzeka, ndi zija tawerenga. Koma munthu akatembenuka kuyang'ana kumbali, kapena kuwerama, kapena wojambula ataima mmunsi, ndi nkhani ina chifukwa chithunzi nchafulati pomwe mutu ngozungulira. Akatembenuka madigiri 45 mtunda wa maso pa chithunzi umatsika kufika pafupifupi magawo 7 mwa 10, ndiye kompyuta imaganiza kuti nkhope njaing'ono nkuikulitsa mopyola, pomwe tsaya limodzi linabisika kale ndipo palibe poti mulitenge. Njira yoonera msanga, yezani kuchokera pa dontho 27, pamwamba pa mphuno, kupita ku 36, ndiyenso kuchokera pa 27 kupita ku 45. Nkhope yoyang'ana kutsogolo mitunda iwiriyi imakhala yofanana pafupifupi. Chitani chimodzimodzi pa zithunzi zonse ziwiri, ngati china chikupereka zofanana koma chinacho mbali imodzi yafupika kwambiri, sakani chithunzi china, musataye nthawi. MediaPipe ya Google imapereka madontho oposa 460 ndipo imayerekezanso kuya kwa nkhope, imathandiza pakutembenuka kwapang'ono, koma nayonso mbali yobisika imangoipenekera.

Mapulogalamu a pa foni aja osinthira nkhope nawonso amadutsa momwemu. Ambiri amatenga madontho 5 okha, maso awiri, mphuno ndi ngodya za pakamwa, nkuwongolera nkhope iliyonse mu kabokosi kamodzi kokhazikika, ena mapikiselo 112 mbali zonse ena 128, kusinthako kumachitikira mmenemo, kenako amaibwezera pamalo pake ndi masamu omwe aja chobwerera. Nchifukwa chake mu vidiyo yabodza nkhope imanjenjemera kapena kutsetsereka munthu akatembenuka msanga kapena akadutsitsa dzanja kumaso, madontho amakhala ataphonya pa kamphindi kameneko. Zimenezi zikuthandizeni pozindikira mavidiyo omwe amazungulira m'magulu mwathumu. Za inuyo palibe vuto poti nkhope ndi ya mwini wake ndipo wapempha yekha, koma wina akadzabwera ndi nkhope ya munthu wina kuti muiike pa thupi la eni, chonde mukaneni, zimenezo zimapasula mabanja ndipo zikhoza kukufikitsani ku polisi.

Ndiye musanasinthe kalikonse jambulani madonthowo pa zithunzi zonse ziwiri ndi `cv2.circle`, mulembe ndi nambala zake, muwayang'ane ndi maso anu mutakulitsa chithunzi. Ngati dlib siikupeza nkhope nkomwe mwina njaing'ono, imafuna ya mapikiselo pafupifupi 80 mbali zonse, lembani `detector(img, 1)` kuti iyambe yakulitsa chithunzi. Mukalunganitsa, sanjikizani zithunzi ziwirizo theka ndi theka ndi `cv2.addWeighted`, mukaona ngodya za maso ziwiriziwiri kapena mphuno ziwiri ndiye kuti sizinakumane. Poti ndi chithunzi chimodzi chokha mukhoza kungokonza pamanja dontho lomwe laphonya, ndipo ine ndikanasuntha maso ndi nsidze zokha osati nkhope yonse, kumwetulira kwa tsiku la ukwati kukhale komweko. Zikakanikabe tumizani manambala a `M` ndi malo a ngodya zinayi za maso pa zithunzi zonse ziwiri, zithunzi za kasitomala musaziike pano.