Ngongole ya malata: chaka chimodzi kapena zitatu?

"Ndine mayi, mphunzitsi wa pulayimale. Ndikufuna ngongole ya K1,000,000 yogulira malata, chiwongoladzanja chake 3 peresenti pamwezi. Akuti ndisankhe kubweza K100,462 pamwezi kwa miyezi 12, kapena K45,804 kwa miyezi 36. Mtima uli pa yachiwiriyi poti ndi yopepuka. Ndikulakwitsa?"

Mayi, tengani foni muchulukitse ndalama ya pamwezi ndi miyezi yake, kenako muchotsepo zimene mwakongolazo. Chotsalacho ndiye mtengo weniweni wa ngongole. Ya chaka chimodzi mubweza K1,205,544, ndiye kuti chiwongoladzanja ndi K205,544. Ya zaka zitatu mubweza K1,648,944, chiwongoladzanja K648,944. Malata ndi omwewo, koma inayo ikudyerani K443,400 yapamwamba.

Chimachititsa ndi ichi. Chiwongoladzanja amawerengera pa ngongole yotsala, choncho mwezi woyamba ndi K30,000 konsekonse. Mukapereka K100,462, ndalama yokwana K70,462 ikudula ngongole yeniyeniyo, ndipo mwezi wotsatira chiwongoladzanja chatsika kale. Mukapereka K45,804, yodula ngongole ndi K15,804 yokha. Chaka chikamatha mudzakhala mutapereka pafupifupi K550,000, koma mukadzapempha sitetimenti mudzapeza kuti mukadali ndi ngongole ya K775,000 ndi kanthu. Apa m'pamene anthu ambiri amagwira pakamwa n'kumati abedwa, chonsecho ndi zomwe anasayinira.

Komabe sindikuti thamangirani yaifupiyo. Lembani malipiro amene mumalandira m'manja, muchotse lendi, chimanga, makala, thiransipoti ndi fizi ya ana. Muwerengere Januwale, pamene fizi ndi njala zimakumana, osati mwezi wokolola. Ngati K100,462 ikukusiyani opanda ndi ya sopo yomwe, pofika pa 15 mudzagogoda kwa a katapila, ndipo K443,400 munapulumutsa ija idzathera kumeneko. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndaonapo anzanga akhama akugwa m'dzenje limeneli.

Ine ndikanakhala inu ndikanabwerera kukafunsa za miyezi 24, ngakhale sanaitchule. Pa 3 peresenti yomweyo muzipereka K59,047, chiwongoladzanja chonse n'kukhala pafupifupi K417,000. Kungowonjezera K13,243 pamwezi pa ija mtima wanu wakonda, mwapulumutsa ndalama zoposa K230,000.

Musanasayine, akupatseni pepala loonetsa mmene muzibwezera mwezi ndi mwezi, ndipo akuuzeni ndalama ya inshulansi ndi yoyendetsera fomu, chifukwa zimenezi sizili m'masamu angawa. Afunseninso kuti, "Ndikabweza msanga, pali chindapusa? Nanga ndikaponya yapadera, ikudula ngongole yeniyeni?" Akati chindapusa palibe ndipo ikudula, mutha kutenga ya miyezi 24, n'kumaponyako ya mtedza kapena ya soya mukagulitsa.