Banki yayikulu ikagula madola, ndalama zomwe yatulutsazo zimathera kuti?

Wina wandilembera imelo kuti: "Achimwene, ndimangomva zoti banki yayikulu ikalowelera pamsika wa foleksi pali kusitelilaiza ndi kusasitelilaiza. Zikusiyana pati, nanga ndalama zoyenda mdziko zimachuluka kapena zimachepa?"

Achimwene, chinsinsi chake nchakuti banki yayikulu siigula madola ndi ndalama zomwe inasunga penapake ayi, imachita kulenga zatsopano. Tiyerekeze dziko lina lomwe dola imodzi ikusinthidwa pa 50, ndiye madola akulowa ambiri moti ndalama yakumeneko ikukwera mphamvu, ogulitsa katundu kunja ayamba kudandaula. Banki yayikulu ikuti chabwino, ndigula madola 100 miliyoni kwa mabanki. Kulipira kwake imangolemba 5 biliyoni mma akaunti omwe mabankiwo ali nawo kwa iyo, basi, 5 biliyoni yomwe dzulo kunalibe lero ilipo.

Ikasiyira pomwepo ndiye kusasitelilaiza kuja. Mabanki ali ndi ndalama zongokhala, amayamba kubwereketsana motchipa, chiwongoladzanja chimatsika, ngongole zimachuluka ndipo ngongole iliyonse imakasanduka dipoziti mu akaunti ya munthu wina, nde ndalama zoyenda mdziko zitha kukula kuposa 5 biliyoni ija. Ikamagulitsa madola zimayenda chobwerera, ndalama za mdziko zimabwerera kwa iyo nkuzimiririka, chiwongoladzanja nkukwera. Hong Kong amachita zoterezi dala, anamangirira ndalama yawo ku dola ya ku America kuyambira 1983 ndipo kuyambira 2005 imangosewera pakati pa 7.75 ndi 7.85 pa dola imodzi ya ku America, ikafooka nkufika pa 7.85 amagulitsa madola a ku America nkusiya ndalama za mmabanki zichepe mpaka chiwongoladzanja chikwere chokha.

Kusitelilaiza nkungowonjezera sitepe yachiwiri. Itagula madola aja, banki yayikulu imagulitsanso mabondi, omwe ndi mapepala angongole, a 5 biliyoni kwa mabanki omwewo, iwo nkulipira kuchokera mma akaunti omwe aja. Zomwe inapereka ndi dzanja ili yatenganso ndi linali. Madola ali mthumba, ndalama za mmabanki zili pomwe zinali, chiwongoladzanja sichinasunthe.

Apa ambiri amaona ngati apeza mankhwala a zonse koma ine ndimakayika. Chomwe chimakankha kwambiri mtengo wa ndalama nchiwongoladzanja, nde ngati inu ndinu banki yayikulu ndipo mwachigwira kuti chisasunthe, amene amabweretsa madola pofuna phindu lambiri aja apitirizabe kubwera, mawa mugulanso, mkuja mugulanso. Zimathandizako pa kanthawi, makamaka msika ukakhala waung'ono kapena amalonda akaopa kuti banki yayikulu yatsimikiza mtima, koma sizisintha gwero la vutolo.

Komanso si zaulere. Tinene mabondi aja mukulipira 9 peresenti pachaka pomwe madola mwasunga kunja akukupatsani 4 peresenti. Kusiyanako ndi 5 peresenti ya 5 biliyoni, kutanthauza 250 miliyoni yongotayika chaka chilichonse, ndipo apa tikunena za ulendo umodzi wokha wogula. Mabanki akakhuta mabondi amafuna muwonjezere chiwongoladzanja kuti atenge ena, chiwongoladzanja chokweracho nkukopanso madola ena, mwabwerera pomwe munayambira. China inadutsamo mzimenezi, inagulitsa mapepala ake angongole ambirimbiri kenako nkuyamba kungokakamiza mabanki kusunga gawo lalikulu la madipoziti ku banki yayikulu, mu 2011 gawolo linafika 21.5 peresenti kwa mabanki akuluakulu. Uku nkusitelilaizanso, kungoti mtolo wasenzetsa mabanki.

Mbali inayo ndiye yowopsa zedi. Ukamagulitsa madola poteteza ndalama yomwe ikugwa, kenako nkugula mabondi kuti ndalama zomwe unachotsa zibwerere mmabanki, wapatsanso anthu zogulira madola ena mawa. Ndalama zako ungalenge mmene ungafunire koma madola sungasindikize, thumba limangophwa. Thailand inalimbana nazo mpaka pa 2 Julaye 1997 inangoisiya ndalama yake kuti igwe.

Mukafuna kudziwa chomwe banki yayikulu yachita musamvere za mma sitetimenti, onani ma akaunti ake omwe imatulutsa. Pali mzere wa chuma chakunja, wa chuma cha mdziko mutachotsa mabondi omwe iyo yagulitsa, ndi wa ndalama zoyambira, zomwe ndi kashi yonse kuphatikiza zomwe mabanki asunga kwa iyo. Chakunja chikakwera ndi 5 biliyoni, cha mdziko nkutsika ndi 5 biliyoni, zoyambira osasuntha, yasitelilaiza yonse. Zoyambira zikakwera ndi 2 biliyoni ndiye yakolopa 3 biliyoni yokha, ndipo zapakatikati zoterezi muziziona pafupipafupi. Muchenjere ndi chinthu chimodzi, ndalama ya dziko ikagwa mzere wa chuma chakunja umafufuma wokha powerengera ngakhale banki sinagule dola ndi imodzi yomwe, nde mzere umenewo muziuyang'ana mmadola kaye.